Gemu ikamatseka yokha foni italandira Android watsopano: musafulumire kuifufuta

Mnyamata wina wa ku Ndirande anabwera pabenchi yanga ku Limbe foni ili m'manja, chigamulo atapanga kale ali m'minibasi. "Achimwene, ingoifulashani basi. Yafa." Foniyo inalibe vuto lina lililonse: inkaimba, mauthenga ankalowa, kamera inkajambula. Chinafa chinali gemu yake ya mpira. Dzulo lake usiku foni inamuuza kuti pali apudeti, iye anadina, inachoka pa Android 13 n'kufika pa Android 14, ndipo kuyambira pamenepo akadina gemuyo pankabwera chizindikiro cha kampani yake, kenako mdima wa masekondi atatu, kenako n'kumubwezera pasikirini yoyamba ngati sanakhudze kanthu. Timu imene anaimanga kwa chaka ndi theka inali m'menemo.

Ndinamuuza kuti akhale pansi. Vuto ili ndimaliona kawirikawiri, makamaka m'masabata amene mafoni a mtundu umodzi akulandira apudeti pamodzi, ndipo zimene zimapweteketsa anthu si gemu yotsekayo ayi, koma mankhwala amene amathamangira. Njira zokonzera zilipo zingapo, koma sizofanana mtengo. Zina n'zaulere. Zina zimadya bandulo. Ziwiri zomaliza zimatha kudya zonse zimene mwasewera, ndipo pali magemu ena amene mukawafufuta pa Android watsopano sakalowanso. Choncho timayamba ndi zaulerezo, ndipo sitidumpha.

Onani kaye pamene ikufera

Musanakhudze `Settings`, tsegulani gemuyo kawiri kapena katatu mukuyang'anitsitsa. Malo amene ikufera amanena zambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Ikatseka pompopompo, chizindikiro chisanaoneke n'komwe, ndipo foni n'kulemba kuti gemuyo `keeps stopping`, nthawi zambiri ndiye kuti yagwa pakhomo penipeni: pali fayilo imene ikusowa, kapena chilolezo chimene Android watsopano wakana. Ikaonetsa chizindikiro kenako mdima, ndiye yafera pamene imayamba kulankhula ndi chipangizo chojambula zithunzi cha m'fonimo, kapena pamene imatsegula mafayilo ake akuluakulu. Koma ikafika patali, kamzere kosonyeza kuti ikulodinga kakuyenda bwinobwino, kenako n'kungozimiririka mwakachetechete popanda uthenga uliwonse, mwina sinagwe n'komwe. Mwina Android ndi amene waipha chifukwa RAM, memori imene mapulogalamu otseguka amagwiriramo ntchito, yatha. Zimenezi zimachitika kwambiri pamafoni a 2 GB ndi 3 GB, poti Android watsopano amatha kudya malo ambiri kuposa wakale, gemu n'kusowa potambasulira miyendo.

Ya mnyamatayu inali yachiwiri ija, chizindikiro kenako mdima.

Funso lina n'lakuti kodi ikutseka yokha, kapena pali mapulogalamu enanso amene akuchita zomwezo. Ngati alipo angapo, gemu isiyeni, lowani mu Play Store mufufuze `Android System WebView` ndi Chrome, muwaapudete. WebView ndi kachigawo kamene mapulogalamu ena amabwereka akafuna kuonetsa tsamba la pa intaneti mkati mwawo, ndipo magemu ambiri amakagwiritsa ntchito poonetsa zidziwitso, malonda ndi tsamba lolowera muakaunti. Mu Malichi 2021 apudeti yolakwika ya WebView inagwetsa mapulogalamu ambirimbiri pamafoni a Android padziko lonse, Gmail yomwe, ndipo mankhwala ake anali kungoapudeta WebView ndi Chrome. Pafoni ya mnyamatayu china chilichonse chinkatseguka, ndiye tinapitirira.

Zaulere

Choyamba n'kuzimitsa foni n'kuiyatsanso. Ndikudziwa kuti apudeti inaiyatsanso kale yokha, koma chitanibe, ndipo muipatse nthawi. Android akasintha, foni imakhala ndi ntchito yokonzanso mapulogalamu onse kuti agwirizane naye, ndipo mbali ina ya ntchitoyi imachitika mwakachetechete foni ikakhala patchaja isakugwiritsidwa ntchito. N'chifukwa chake tsiku loyamba foni imatentha, batire imatha msanga, zinthu zimachedwa kutseguka. Ngati apudeti mwapanga lero lomwe, isiyeni patchaja usiku wonse, magetsi akalola, muyesenso mawa. Gemu ya RAM yochepa ija nthawi zina imachira ndi zimenezi zokha.

Chachiwiri ndi malo. Lowani `Settings`, kenako `Storage`. Foni ya mnyamatayu inali ya 64 GB, koma inatsala ndi 600 MB yokha. Apudeti inadya gawo lake, zotsalazo zinali mavidiyo a m'magulupu a WhatsApp: maukwati, maulaliki, zigoli, ngozi za pamsewu, zina zobwerezabwereza katatu. Gemu yaikulu ikamatseguka imafuna polemba mafayilo ake a kanthawi, makamaka ulendo woyamba pambuyo pa apudeti, ndipo ikasowa polemba si magemu onse amene amakhala ndi ulemu wokuuzani. Ena amangogwa. Ine sindikhulupirira zotsatira za mayeso ena alionse foni isanakhale ndi 3 GB kapena 4 GB yopanda kanthu. Tinafufuta mavidiyo mpaka kufika pa 5 GB. Gemu inatsekabe.

Tsopano kashi, ndipo sindikunena wa m'thumba. Njira yake ndi `Settings`, `Apps`, n'kusankha gemuyo. Pamafoni a Tecno, Infinix ndi itel mungapeze palembedwa `App management`. Njira yachidule n'kugwira chithunzi cha gemuyo kwa kanthawi n'kudina `App info`. Dinani kaye `Force stop`, kenako `Storage & cache` (pa Samsung pamangolembedwa `Storage`), kenako `Clear cache`.

Apa imani pang'ono, chala chisathamange. Pambali pa `Clear cache` pali batani lina, `Clear storage` kapena `Clear data`. Mabatani awiriwa anayandikana ngati mchere ndi shuga pashelefu, koma ntchito zake n'zosiyana kutalitali. Kashi ndi zinthu zimene gemu inasunga kuti isamavutike kuzipanganso: zithunzi zimene inakoka pa intaneti, ndi timapulogalamu tojambulira udzu, mithunzi ndi kuwala timene inakonza mogwirizana ndi dalaivala wa zithunzi wa foni yanu, kapulogalamu kamene kamayendetsa chipangizo chojambula zithunzi chija. Apudeti ya Android nthawi zambiri imabwera ndi dalaivala watsopano. Zimene Android amasunga yekha amazichotsa yekha akasintha, koma magemu ena amasunga zawo pamalo awoawo, ndiye akatseguka amapereka kwa dalaivala watsopano zinthu zimene zinaphikidwira wakale. Zotsatira zake ndi mdima uja. Mukachotsa kashi simutaya kalikonse kamene mwasewera. Gemu imangochedwa pang'ono ulendo woyamba chifukwa ikupanganso zonse. Ikakhala pamdima kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanatseke, isiyeni, ikugwira ntchito.

Mudakali patsamba lomwelo, lowaninso `Permissions`. Kuyambira pa Android 11 foni imatha kulanda zilolezo za pulogalamu imene yakhala miyezi ingapo osatsegulidwa, komanso malamulo a kuwerenga mafayilo akhala akusintha m'mavesheni apafupiwa. Gemu yakale imene inazolowera kulowa paliponse m'foni ikapeza chitseko chotseka imatha kugwa m'malo mopempha. Ngati pali chilolezo cha mafayilo chimene chili pansi pa `Not allowed`, chiloleni muyesenso.

Pali malangizo awiri amene amayendayenda amene sindiwawerengera kwenikweni. Ena amati yesani mu `Safe mode`. Koma `Safe mode` imazimitsa mapulogalamu onse amene munaika nokha, ndipo gemu yanu ndi imodzi mwa iwo, ndiye muyesa chiyani? Ngati mukukayikira pulogalamu ina, monga zija zimati zimathamangitsa magemu, zojambula sikirini kapena zoyandama pamwamba pa zinzake, ingoizimitsani ndi `Force stop` kapena muichotse. Ena amati `Wipe cache partition` m'menyu ya `Recovery`. Pamafoni amene ali nayo, monga ambiri a Samsung, siononga kanthu, koma sikhudza kashi wa gemu yanu, ndipo mafoni ambiri atsopano alibe n'komwe. Choopsa n'chakuti pafupi pomwepo pali `Wipe data/factory reset`, ndipo m'menyu imeneyo mumayenda ndi mabatani a voliyumu. Ndaonapo munthu atatsika mzere umodzi mopitirira.

Mnyamata uja tinamuchotsera kashi, zilolezo zinali bwino. Chizindikiro, mdima, kunja.

Gemuyi inachokera kuti?

Apa ndi pamene nkhani yeniyeni imayambira kuno kwathu, ndipo malangizo ambiri olembedwa kunja safikapo, chifukwa amaganiza kuti aliyense anatenga gemu yake mu Play Store. Ndinamufunsa. Anakanda m'mutu. "Anandiponyera mnzanga pa Xender, achimwene. Bandulo yake inali yoti sindingathe." Sindinamudzudzule. Gemu ya 1.5 GB kapena 2 GB, munthu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi saiona ngati yaulere.

Koma gemu yoponyeredwa imakhala pa vesheni imene inabwera nayo. Opanga magemu amalandira Android watsopano miyezi ingapo ife tisanamuone, amakonza zimene zikugwa, n'kutulutsa apudeti. Ambirife tinazimitsa `Auto-update apps` kuti bandulo isamathe usiku, ndiye foni imapita patsogolo gemu n'kutsalira. Pa magemu onse otseka pambuyo pa apudeti amene adutsa pabenchi yanga, mankhwala amene agwira ntchito kawirikawiri ndi awa: kutsegula tsamba la gemuyo mu Play Store n'kudina `Update`. Apudeti sifufuta zimene mwasewera. Imalowa pamwamba pa yakale. Ngakhale gemu imene inabwera pa Xender, ngati ili yeniyeni yosasinthidwa, Play Store imatha kuizindikira n'kuiapudeta.

Mawu oti "yosasinthidwa" ndi amene ali ndi kulemera. Pulogalamu iliyonse ya Android imakhala ndi siginecha ya amene anaipanga, ndipo Android salola apudeti kulowa pamwamba pa pulogalamu ya siginecha ina. Magemu a modi, aja a makoini osatha ndi osewera onse otsegulidwa kale, munthu wina anawatsegula, n'kuwasintha, n'kuwasainanso ndi siginecha yake. Kwa Android imeneyo ndi pulogalamu ina yongobwereka dzina. Play Store siingaiapudete, ndipo mukayesa kuika yeniyeni pamwamba pake foni imakana ndi uthenga wa `App not installed`.

Ndinamuyang'ana. "Makoini unali nawo angati, mphwanga?" Anaseka mwamanyazi. Manambala ake ankadzaza sikirini.

Kufunsa foni yeniyeniyo

Pofika apa ndinali ndikukayikira kale chimene chinavuta, koma sindikonda kuuza munthu kuti ataye chaka ndi theka cha masewera chifukwa cha kukayikira kwanga. Foni imalemba chifukwa chimene pulogalamu yagwera, ndipo ndi laputopu ndi kebulo mungawerenge. Amene mulibe laputopu gawo ili mungalidumphe, kapena mupemphe wokonza mafoni akuchitireni pamaso panu. Sizitenga mphindi khumi.

Pafoni lowani `About phone`, mudine `Build number` kasanu ndi kawiri, pabwera `Developer options`. M'menemo yatsani `USB debugging`. Palaputopu pamafunika `adb`, pulogalamu yolankhulira ndi foni kudzera pakebulo, imene imabwera mu `SDK Platform-Tools` ya Google. Lumikizani kebulo, vomerani uthenga umene ubwere pafoni, tsegulani gemuyo igwe, kenako lembani palaputopu:

```
adb logcat -b crash -d
```

Zimene zituluke n'zambiri ndipo zimaopsa maso, koma mukufuna mizere iwiri kapena itatu yokha. Mukaona `FATAL EXCEPTION`, werengani mzere wa pansi pake. `SecurityException` ikutanthauza kuti gemu yachita chinthu chimene Android watsopano sakulolanso, kapena yasowa chilolezo. `UnsatisfiedLinkError` ikutanthauza kuti yalephera kutsegula fayilo ina ya injini yake. Mukapanda kupeza chilichonse, gemu itazimiririka pamaso panu, bwererani ku nkhani ya RAM ija: tsekani mapulogalamu ena onse, yatsaninso foni, mutsegule gemu musanatsegule china chilichonse.

Ya mnyamatayu inatulutsa zamtundu uwu:

```
signal 11 (SIGSEGV), code 1 (SEGV_MAPERR)
backtrace:
  #00 pc 00000000004c21a8  /data/app/.../lib/arm64/libgame.so
```

`SIGSEGV` ndiye kuti pulogalamu inagwira malo a m'memori amene si ake, ndipo Android anaidula pomwepo. Chofunika ndi dzina la fayilo limene lili pamzere wa `#00` ndi mizere ingapo yotsatira. Likayamba ndi `/data/app/`, yagwera mkati mwa gemu yeniyeniyo, ndipo amene angakonze ndi amene anaipanga, kudzera mu vesheni yatsopano. Likayamba ndi `/vendor/` ndipo lili ndi mawu ngati `mali` kapena `adreno`, yagwera mwa dalaivala wa zithunzi. Pamenepo, ngati kuchotsa kashi ndi kuapudeta gemu sizinathandize, kufufuta n'kuikanso nthawi zambiri sikusintha kanthu, mungotaya bandulo. Mumadikira apudeti yotsatira ya foni kapena ya gemu, ndipo ndi bwino kulembera opanga gemuwo kuwauza mtundu wa foni, vesheni ya Android, n'kuwatumizira mizere imeneyi.

Apa zinali zoonekeratu. Gemu ya zaka ziwiri zapitazo, yosinthidwa ndi munthu wosadziwika, ikugwera mkati mwake momwe. Palibe batani la mu `Settings` limene likanaichiritsa.

Musanadine mabatani awiri omaliza

Atsala ndi `Clear storage` ndi `Uninstall`. Musanakhudze lililonse mwa awiriwa dziwani kumene masewera anu amasungidwa. Ngati munalumikiza gemu ndi akaunti, kaya Google Play Games, Facebook kapena akaunti ya kampani ya gemuyo, timu yanu ili pa seva yawo ndipo mudzaipeza mukalowanso. Onetsetsani kuti mukukumbukira akaunti yake ndi pasiwedi yake; anthu ambiri ali ndi maakaunti a Google awiri kapena atatu, ena anawatsegulira ndi amene anawagulitsa foni. Koma ngati munkasewera ngati `Guest`, zonse zili m'foni momwemo, kapena kiyi yolowera ili m'foni momwemo, ndipo mabatani onse awiri amazikolopa. Chowawa chake n'chakuti gemu imene sikutseguka simungalowemo kuti mulumikize akaunti tsopano. Ngati muli ndi chithunzi chakale cha sikirini chosonyeza nambala yanu ya wosewera, kapena malisiti a zimene munagula kudzera mu Play Store, zisungeni, chifukwa opanga magemu ena amabweza akaunti ndi umboni woterowo.

`Clear storage` imabwezera gemu mmene inalili tsiku loyamba. Imathandiza pamene fayilo ya zosankha zanu ndi imene yaonongeka, kapena pamene gemu inasunga makonzedwe a zithunzi amene dalaivala watsopano sakuwatha. Imachotsanso zonse zimene gemu inadawuniloda mkati mwake mutaitsegula, mabwalo, mamapu, mawu a owulutsa mpira, ndiye konzekerani kuzikokanso. Fayilo yaikulu ya OBB, imene imakhala mu `Android/obb/`, simachoka ndi batani ili. Imachoka ndi `Uninstall`.

Nkhani ya OBB ndi yofunika kwa amene bandulo imawavuta. Magemu ambiri akale akuluakulu ali ndi zigawo ziwiri: APK yaing'ono, ndi OBB imene ili ndi zithunzi ndi mawu onse, nthawi zina yopitirira 1 GB. Ngati mukufuna kudzaikanso vesheni yomweyo, koperani foda yake musanafufute. Kuyambira pa Android 11 mapulogalamu oonera mafayilo ambiri saloledwa kulowa mu `Android/data` ndi `Android/obb`, ndiye foda imaoneka ngati yopanda kanthu pomwe zinthu zilimo. Ndi kebulo ndi laputopu nthawi zambiri mumalowamo. Koma OBB imayendera limodzi ndi vesheni yake. Nambala ili m'dzina la fayilo, ndipo yakale nthawi zambiri sigwira pa gemu yatsopano.

Ndiye pali msampha umene anthu ochepa amaudziwa. Android 14, amene anatuluka mu 2023, amakana kuika pulogalamu iliyonse imene inapangidwira Android wakale kuposa 6.0, ndipo Android 15 anakweza malirewo kufika pa 7.0. Mapulogalamu oterowo amene anali kale m'foni pa nthawi ya apudeti amasiyidwa, sachotsedwa. Koma mukawafufuta nokha, khomo latsekeka. Choncho ngati gemu yanu ndi yakalekale, ija inachoka kale mu Play Store imene mwakhala mukusamuka nayo foni ndi foni, onani kaye izi (m'malo mwa dzina lachitsanzoli muike dzina la phukusi la gemu yanu, lija lili pafoda yake mu `Android/data`):

```
adb shell "dumpsys package com.chitsanzo.mpira | grep targetSdk"
```

Nambala ya `targetSdk` ikakhala yochepera 23 pa Android 14, kapena yochepera 24 pa Android 15, mukaifufuta sidzalowanso mwa njira ya masiku onse. Ilipo njira yoikakamiza ndi laputopu:

```
adb install --bypass-low-target-sdk-block gemu.apk
```

koma imeneyi imangoilowetsa. Sikutanthauza kuti ikalowa isiya kugwa. Amene mulibe laputopu, lamulo losavuta n'lakuti mufufuze kaye gemuyo mu Play Store pafoni yomweyo. Ngati siikupezeka, kapena palembedwa kuti siigwirizana ndi foni yanu, musaifufute mukuyembekeza kuti muipezanso.

Za kufulasha zimene anabwerera mnyamatayu: `Factory reset` sibweza Android wakale. Imafufuta zanu zonse n'kukusiyani pa Android 14 yemweyo, ndipo gemu yomweyo mukaiikanso imagwa chimodzimodzi. Kubwezeretsa Android wakale ndi laputopu kumafufutanso zonse, ndipo mafoni ambiri ali ndi chitetezo chokana kubwerera m'mbuyo, moti woyesa mosadziwa amatha kutsala ndi foni yosayaka. Chifukwa cha gemu imodzi, ine sindichita, ngakhale mutandilipira.

Kufufuta n'kuikanso

Ndinamufotokozera mnyamatayo mmene zinalili. Modi singaapudetedwe. Yeniyeni singalowe yakaleyo isanachoke. Ankasewera ngati `Guest`, poti magemu a modi nthawi zambiri salola n'komwe kulumikiza Google Play Games. Ndinakopera foda yake ya mu `Android/data` palaputopu kuti tione, koma munali mabwalo ndi mayunifomu okha; fayilo ya timu inali m'chipinda chamkati cha pulogalamuyo, kumene munthu safika popanda kuthyola chitetezo cha foni. Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana maminibasi. Kenako anati, "Fufutani, achimwene."

Kuikanso kuli ndi kachitidwe kake. Fufutani gemu; foni ikafunsa ngati mukufuna kusunga zina za pulogalamuyo, ndipo cholinga chanu ndi kuyamba mwatsopano, kanani. Yatsaninso foni. Onani kuti malo alipo okwanira kawiri kukula kwa gemuyo, chifukwa imafuna pofikira ndi pomasulira. Ikani m'foni momwemo, osati pa memori khadi. Ndipo itengeni mu Play Store, osati kwa mnzanu uja. Chifukwa chake si ulemu wa malamulo chabe. Kuyambira mu Ogasiti 2021 mapulogalamu atsopano a mu Play Store amatumizidwa m'njira yoti foni iliyonse imalandira zidutswa zogwirizana nayo: chachikulu chimodzi, china cha mtundu wa purosesa yake, china cha sikirini yake. Pulogalamu yoponyerana ikatumiza chachikulu chokha, kapena zidutswa za foni ya mtundu wina, gemu imakana kulowa, kapena imalowa n'kugwa pakhomo ndi `UnsatisfiedLinkError` uja. Mumachoka pavuto lina n'kulowa pa lina lofanana nalo nkhope, n'kumaganiza kuti kuikanso sikunathandize.

Pa bandulo, werengerani zoposa zimene Play Store yalemba, chifukwa magemu ambiri amakokanso zina mukawatsegula koyamba. Pezani waifai, kapena bandulo ya usiku yokwanira bwino, foni ili patchaja. Dawunilodi ikadukira pakati gemu ikukoka zamkati mwake, mafayilo ena amatsala oduka ndipo gemu imatha kugwanso. Pamenepo `Clear storage` ndi yoyenera, poti palibe chimene mungataye.

Ikagwabe pambuyo pa zonsezi, yatsopano, yochokera mu Play Store, malo alipo, ndiye kuti vuto silili m'manja mwanu. Musaikenso kachitatu. Onani ndemanga zaposachedwa patsamba la gemuyo ngati ena a foni ngati yanu akudandaula zomwezo, tumizani lipoti, muzionaona `System update` ndi Play Store.

Ya mnyamata wa ku Ndirande sinafike kumeneko. Inakoka 1.8 GB pa waifai ya pashopu yoyandikana nane, tikudya chimanga chootcha. Atadina, chizindikiro chinabwera, mdima unabwera, ndipo ndinaona chala chake chikunjenjemera pamwamba pa sikirini. Masekondi atatu anadutsa, asanu, khumi. Kenako nyimbo inayamba. Tsamba loyamba linamufunsa ngati alowe ndi akaunti kapena ngati `Guest`, ndipo chala chija chinkapita kale ku `Guest` mwachizolowezi. Ndinamugwira dzanja. Tinatha mphindi zina khumi ndi zisanu akuyesa kukumbukira pasiwedi ya Google, mpaka anaimbira mchemwali wake ku Bangwe amene anamutsegulira akauntiyo. Anakwera minibasi ali ndi timu ya osewera osadziwika ndi makoini ochepa oyambira, akudandaula kuti goloboyi wake ndi wamfupi.